Akuti mankozebu analetsedwa, kodi zomwe ndapeza pa Googlezi tizikhulupirire?

Msungichuma_Bembeke
Moni nonse pagulu pano. Ndabwera ndi nkhani yomwe yandigoneka mochedwa dzulo. Ku kalabu yathu tinasonkherana, ine ndinakagula makilogalamu 6 a Dithane M-45 oti tipopere mbatatesi, poti mukudziwa nkhungu ya Januwale ikafika kuno ku Bembeke chiwawu sichichedwa. Madzulo ndimafuna kutsimikiza mlingo wake, ndiye ndinalemba pa Google kuti `mancozeb potato late blight`. Chachitatu pa zomwe zinatuluka inali nkhani yoti mankozebu, amene ndiwo mankhwala enieni ali m'paketi ya Dithane, analetsedwa chifukwa akhoza kuwononga ubereki ndi mwana wosabadwa. Pansi pa mutu wake panali deti la mwezi wathawu. Nditafufuzanso ndinapeza masamba ena asanu ndi awiri akunena chimodzimodzi. Kodi tawononga ndalama za anthu? Loweruka tili ndi msonkhano ndipo amayi a m'kalabu andifunsa ndithu.

KabazaLizulu
Aletsa ndani poti dzana lomweli ndinanyamula makatoni awiri kuchoka pa Lizulu kupita nawo kumtunda? Inu poperani.

Jere_wa_Tsangano
Achimwene, Google sangaike bodza pamwamba. Zomwe zimabwera koyambirira ndi zomwe iwowo aziona kuti n'zoona. Chinanso onani ngati adiresi ikuyamba ndi `https`. Ikatero ndiye kuti tsambalo ndi lotetezedwa. Masamba asanu ndi atatu sanganame onse.

Aphunzitsi_Linthipe
A Jere, pa `https` paja ndikutsutsani pang'ono. Chimene chimatetezedwa ndi njira imene uthenga ukudutsa kuchoka pa tsambalo kufika mufoni yanu, kuti wina asausokoneze panjira. Zili ngati envulopu yomata bwino. M'katimo mukhoza kukhala kalata yoona kapena yabodza, guluu sadziwa. Ngakhale akuba amene amakhala ndi `https` masiku ano, amaipeza mwaulere. Za kukhala pamwambazo, nthawi zambiri oyamba amakhala olipira, palembedwa kuti `Sponsored`. Enawo amakwera chifukwa mawu awo afanana ndi omwe mwalemba komanso masamba ena ambiri akuwalozera. Palibe munthu wa ku Google amene wakhala pansi kuwerenga nkhani ya mankozebu n'kuvomereza.

A Msungichuma, tandithandizani zinthu zitatu musanatope. Tsegulani nkhani ija muione yonse, osati kamutu kokha. Wailemba ndani, dzina lilipo? Akuti waletsa mankhwalawo ndi ndani, boma liti? Ndipo m'kati mwa nkhaniyo muli madeti ena aliwonse?

Agogo_Njolomole
Ife kale timathira phulusa ndi manyowa basi, mbatatesi zimabereka. Mankhwala amenewa ndi omwe atha nthaka. Akaletsa achita bwino.

MayiWaMapasa
Agogo, kale lake liti? Ine ndakulira pa tomato, chaka chimene mvula yachita mvumbi osapopera umangokolola mitengo. Koma ine mantha anga ali pa zoberekazo. Mtsikana wanga wamkulu ndi woyembekezera ndipo ndi amene amandisungunulira mankhwala m'ndowa ndikatanganidwa kumsika.

Msungichuma_Bembeke
Aphunzitsi, ndatsegula. Dzina la mlembi palibe, pangolembedwa `Admin`. Tsambalo lili ndi nkhani zosakanikirana, za mpira, za ulimi, za momwe ungachepetsere mimba, ndi malonda ambirimbiri mpaka bandulo yanga yalira. Dzina la Malawi silikupezeka paliponse. Akutchula European Commission. Ndipo chakumapeto akuti alimi ali ndi mpata wogwiritsa ntchito mankhwala otsala mpaka pa 4 Januwale 2022, akulemba ngati tsikulo lisanafike. Koma pamwamba deti ndi la mwezi watha ndithu. Ndiye mutu wanga waima.

Aphunzitsi_Linthipe
Eya, mwaipeza nokha. Nkhaniyo ndi yoona koma ndi ya kwina, ndipo ndi yakale. Bungwe la mayiko a ku Ulaya la EU linakana kuwonjezera chilolezo cha mankozebu mu Disembala 2020. Mayiko awo anauzidwa kuchotsa zilolezo pofika Julaye 2021, ndipo mpata womalizira zotsala unatha pa 4 Januwale 2022. Munthu amene akulemba tsiku limeneli ngati lam'tsogolo analemba mu 2020 kapena 2021. Tsamba lanulo langokopera nkhani ya eni ake, n'kuimata mwezi wathawu, kapena linangosintha deti kuti lioneke latsopano. Deti lomwe Google amaonetsa pansi pa mutu amalitenga pa tsamba lomwelo, ndipo kawirikawiri limakhala tsiku limene tsambalo linaikidwa kapena kukonzedwa, osati tsiku limene zinthu zinachitika. N'chifukwa chake ine ndimakhulupirira madeti a m'kati mwa nkhani kuposa la pamwamba. Wokopera amasintha chipewa, koma nsapato amaiwala.

Mukafuna kudzionera, lembani izi:

```
mancozeb ban before:2021-12-31
```

Mawu a `before:` amauza Google kuti akupatseni zokhazo za tsikulo lisanafike. Mukaona nkhani yomweyo ikutuluka ndi madeti a 2020 ndi 2021, mwadziwa kuti ya mwezi wathayo ndi mkute wotenthetsa. Si nthawi zonse pamene zimagwira bwinobwino, poti Google naye amadalira madeti omwe masamba amupatsa, koma pa nkhani yaikulu ngati iyi zimathandiza.

KabazaLizulu
Mkute wotenthetsa kkkk. Aphunzitsi mwandipha.

Jere_wa_Tsangano
Chabwino za deti ndamva. Koma masamba asanu ndi atatu aja? Paja inu nomwe mumaphunzitsa kuti nkhani itsimikizidwe ndi anthu angapo. Awa ndi asanu ndi atatu. Pabwalo la amfumu mboni zitatu zokha mlandu watha.

Nangozo_wa_Mayani
A Jere, pabwalo lomwelo amfumu amafunsa kuti "inu munaona ndi maso kapena munamva?" Kwathu kunali mlandu wa mbuzi, mboni zinabwera zisanu. Atazipanikiza, zonse zinamva kwa mayi mmodzi pamjigo, ndipo mayiyo anangomva kwa mwana. Nduna inati apa mboni ndi imodzi, enanu mwangoperekeza.

Aphunzitsi_Linthipe
A Nangozo mwandilanda mawu. Ndipo pali njira yowafunsira masambawa funso la amfumulo. A Msungichuma, tengani chiganizo chimodzi cha pakati pa nkhani ija, chachitaliko, mukopere ndendende, muchiike pakati pa zizindikiro izi `" "` n'kufufuza. Google akaona zizindikirozo amafuna mawu omwewo motsatana choncho. Masamba onse okhala ndi chiganizo chofanana liwu ndi liwu ndi mboni imodzi. Atolankhani awiri amene afufuza nkhani payekhapayekha sangalembe chiganizo chachitali chofanana.

Kenako muone kuti aliyense akuti wazimva kuti. Ngati onse akuloza ku EU, siyani onsewo mupite ku EU komweko:

```
mancozeb non-renewal site:europa.eu
```

Mawu a `site:` amatsekera kufufuzako pa adiresi imodzi yokha. Pamenepo mupeza lamulo lenilenilo, nambala yake ndi 2020/2087, la pa 14 Disembala 2020. Chingerezi chake ndi cholimba, sindinama, koma simufunika kumva zonse. Mungoona kuti walemba ndani, liti, ndipo likugwira mayiko ati.

Msungichuma_Bembeke
Ndayesa, netiweki imavuta mpaka ndinakwera pachulu. Mwa masamba asanu ndi atatu aja, asanu ali ndi chiganizo chimodzimodzi, ngakhale pomwe analakwitsa sipelo ndi pomwepo. Awiri ndi nyuzi za alimi a ku Ulaya za mu 2020, zolembedwa mosiyana ndipo mayina a olemba alipo. Lotsalalo ndi la ogulitsa mankhwala ena, akuti siyani mankozebu gulani athuwa. Lamulo lija ndalipezadi ndi nambala yomweyo. Ndiye mboni zenizeni zatsala ziwiri ndi mwini nkhani, ndipo onse akukamba za ku Ulaya.

Dolo_wa_Chimbiya
Ndiye basi, nkhani yatha, ndi zabodza. Ine ndinanena kale kuti pa intaneti palibe choona. Anthu amangofuna muzidina kuti adyepo.

Nangozo_wa_Mayani
Iyayi a Dolo, mwathamanga. Palibe wanena kuti ndi zabodza. Kuletsako kunachitikadi. Chomwe chalakwika n'choti a Msungichuma anaganiza kuti ndi kuno komanso ndi mwezi watha.

MlangiziWopuma
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete poti za Google ine sindizitha, adzukulu ndi amene amandidinira. Koma za mankhwalazi ndilankhulepo. Lamulo la ku Ulaya silimanga mlimi wa ku Dedza. Kuno amene amaloleza kapena kuletsa mankhwala a mbewu ndi a Pesticides Control Board, bungwe lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la mankhwala ophera tizilombo la chaka cha 2000. Mukafuna kudziwa ngati chinthu n'chololedwa m'Malawi, funso lanu lipite kwa iwowo, kapena kwa alangizi ku ofesi ya zaulimi ya dera lanu. Inu a ku Bembeke ndiye muli ndi mwayi, malo ofufuzira za mbatatesi ali pakhomo panu pomwepo. Mukhoza kuyenda wapansi ndi paketi m'manja.

Koma a Dolo ndi a Kabaza, musasekerere kwambiri. Chifukwa chimene a ku Ulaya anaperekera sichisintha ukawoloka nyanja. Akatswiri awo anaika mankozebu m'gulu la mankhwala omwe angawononge ubereki komanso kusokoneza mahomoni a m'thupi. Lamulo lawo ndi lawo, koma thupi la munthu ndi limodzimodzi. Mayi a mapasa, mtsikana wanuyo asiye lero kusungunula mankhwala, kaya ndi mankozebu kaya ena alionse. Woyembekezera sayandikira ndowa ya mankhwala. Amene akusungunula avale magolovesi ndi chotseka kukamwa ndi mphuno, poti ufa uja umauluka, asakandire ndi dzanja, ndipo akamaliza asambe ndi sopo asanagwire nsima.

MayiWaMapasa
Zikomo bambo, ndamva. Ndamuimbira kale. Anthufe timangoti poti ndi ufa wachikasu wosanunkha ngati enawa ndiye kuti ndi wofatsa.

KabazaLizulu
Koma Mayi tinene zoona, pamsikapo tomato wina amabwera ali mbuu ndi ufa wachikasu. Amenewo amapopera dzulo lake.

MayiWaMapasa
Ameneyo si wanga, mwana iwe. Ine ndimadikira masiku omwe alemba papaketi ndisanathyole. Ena amatero inde, amati asaole panjira ya ku Lilongwe. Koma tisayambe zimenezo pano, tingadane.

Jere_wa_Tsangano
Ine ndapitiriza kufufuza, ndipo ndapeza zosiyana ndi zomwe mwagwirizanazi. Pali nkhani yoti khoti la ku Ulaya linathetsa chiletsocho. Ndiye Aphunzitsi, lamulo lanu la 2020 lija nalonso ndi mkute. Kutanthauza kuti mankhwalawa alibe vuto, anangowanamizira.

Aphunzitsi_Linthipe
A Jere mwachita bwino kwambiri, ndipo mwandigwira. Ndinayenera kunena kuti mukapeza gwero mufufuzenso zomwe zinachitika pambuyo pake. Ndi zoona kuti makampani opanga mankozebu anakasuma, ndipo mu Okutobala 2024 khoti lalikulu la EU linagamula mowakomera, koma silinathetse chiletsocho, linangobweza mlanduwo ku khoti laling'ono kuti liuonenso. Kufufuza kwake ndi komweku, kungotembenuza:

```
mancozeb court ruling after:2024-01-01
```

Koma theka lachiwiri la mawu anu silikuchokera m'chigamulocho. Khoti limaona ngati akuluakulu anatsata ndondomeko yoyenera popanga chiganizo, ndi maumboni omwe anadalira. Silinalowe mu labotale kukayeza mankhwala n'kunena kuti ndi abwino m'thupi. Munthu akapambana mlandu chifukwa samani inalembedwa molakwika, sitinena kuti mbuzi sanabe, sitinenanso kuti anaba. Tandiuzani, nkhani mwapezayo yalembedwa ndi ndani?

Jere_wa_Tsangano
Ndi tsamba la nkhani za makampani a mankhwala aulimi. Akugwira mawu a mkulu wina wa kampani.

Aphunzitsi_Linthipe
Ndiye pa funso loti chigamulo chinaperekedwa kapena ayi, amenewo ndi mboni yabwino, sanganame chinthu chomwe aliyense angakachione ku khoti. Pa funso loti mankhwalawo ndi abwino m'thupi, ndi mwini katundu akuyamikira katundu wake. Tsamba limodzi lomwelo mukhoza kulikhulupirira pa chiganizo china n'kulikayikira pa china. Chimodzimodzi ogulitsa aja a Msungichuma anawapeza, oti siyani mankozebu gulani athu. Sananame kuti kunali chiletso, angobisa kuti ndi cha kuti.

Jere_wa_Tsangano
Komabe ine ndikuona kuti mukukondera. Azungu a boma akalankhula mukuti ndi gwero, a kampani akalankhula mukuti akufuna ndalama. Abomawo alibe zofuna zawo?

Nangozo_wa_Mayani
Funso limeneli ndi labwino, Aphunzitsi musalizembe.

Aphunzitsi_Linthipe
Sindilizemba. Ali nazo zofuna zawo, ndale ziliko kulikonse. Ndikati tsamba la EU ndi gwero sindikutanthauza kuti ndi angelo. Ndikutanthauza kuti pa funso loti "kodi EU inalamula chiyani", palibe angadziwe kuposa amene analamulayo. Pa funso loti mankhwalawo amachita chiyani m'thupi, pamenepo mpofunika mboni zosadyera mbale imodzi: ofufuza a mayiko osiyana, amene sanalipidwe ndi wogulitsa kapena wopikisana naye. Zimenezo ndi ntchito yaikulu, sitingaimalize pafoni usiku uno. Chomwe ndingachite ine ndi kuyerekeza zotayika. Ndikavala magolovesi pomwe mankhwala alibe vuto, ndataya ndalama ya magolovesi. Ndikapanda kuvala pomwe ali ndi vuto, ndataya zambiri.

Jere_wa_Tsangano
Za magolovesi sindikutsutsa. Zinazo tidzakambanso.

Gama_Mlangeni
Pepani ndalowa mochedwa. Poti mukukamba za mankhwala a mbatatesi, zanga zikufota phando limodzilimodzi, masana zimagwa, poyamba m'mawa zimadzuka koma pano zasiya. Ndapopera Dithane kawiri osasintha. Ndiye mwina n'chifukwa chake akuletsa, mankhwalawa anatha mphamvu.

MlangiziWopuma
A Gama, zimenezo sizikumveka ngati chiwawu. Chiwawu chimayamba ndi mawanga oderapo ngati tsamba lanyowa ndi madzi otentha, kunsi kwake kumachita tinthu toyera m'mawa kukakhala chinyezi. Zanuzo zikufanana ndi matenda ofotetsa obwera ndi mabakiteriya a m'nthaka. Dulani tsinde chapansi, muviike kodulako m'tambula yoonekera ya madzi oyera osagwedeza. Pakapita mphindi zochepa mukaona utsi woyera ngati mkaka ukutsika kuchoka patsindepo, ndi amenewo. Dithane sangachite kanthu, mungopopera ndalama. Zulani mapando odwala ndi dothi lake mukataye kutali ndi munda, musatengeko mbewu, ndipo pamalopo musabzalenso mbatatesi, tomato kapena fodya kwa zaka zingapo.

Ndipo nonse mudziwe, ngakhale pa chiwawu chenicheni mankozebu sachiza. Amakhala pamwamba pa tsamba n'kutchinga kuti matenda asalowe. Mukapopera munda utapsa kale mudzati mankhwala ndi achinyengo. Mvula yamphamvu imawatsukanso, n'chifukwa chake nyengo ino timabwereza pakatha pafupifupi sabata.

Gama_Mlangeni
Ndiyesa mawa za tambulazo. Mbewu ndinagula pamsika, mwina zinabwera nazo.

Agogo_Njolomole
Mwaona? Ndimanena ine. Mbewu zogula.

Msungichuma_Bembeke
Tibwerere kwanga pang'ono, poti chomwe ndinalowera pa Google poyamba ndi mlingo. Tsamba lina linati magalamu 50 pa sipuleya imodzi. Limeneli lili ndi dzina la kampani, adiresi, nambala za foni, zonse. Deti ndi la chaka chatha. Masamba enanso awiri olembedwa mosiyana akuti 50 yemweyo. Apa ndiye mayeso onse atatu lakhoza eti?

Nangozo_wa_Mayani
Taonani kumapeto kwa adiresi yake. Ine zinandichitikira chaka chatha ndi tomato. Ndinatsatira tsamba looneka bwino lomwe, ndikuthira magalamu 50 pa sipuleya, mankhwala n'kundithera msanga ndisanamalize mwezi. Mlamu wanga ndi amene anaona kuti adiresi ikuthera ndi `.co.ke`. Linali la ku Kenya, ndipo likamati sipuleya limanena ya malita 20. Yangayi ndi ya malita 16 ngati zambiri za kuno. Magalamu 50 pa malita 20 ndi magalamu awiri ndi theka pa lita. Pa malita 16 ndi magalamu 40. Sipuleya iliyonse ndimataya magalamu 10 popanda chifukwa.

Msungichuma_Bembeke
Mayo ine, ndi `.co.ke` ndithu. Ndipo pansi alembadi 20L, ine sindinaone. Ndawerengera apa: makilogalamu 6 athuwa pa magalamu 50 ndi masipuleya 120, pa magalamu 40 ndi 150. Masipuleya 30 akanapita chabe, a kalabu akanandidya wamoyo.

MlangiziWopuma
Masamu a Nangozo ali bwino, koma musatenge 40 ameneyo ngati lamulo. Mlingo wanu uli pa lebulo ya paketi yomwe mwagulayo. Pa funso la mlingo, gwero ndi limenelo, loposa tsamba lililonse, chifukwa mankozebu amabwera m'mayina ambiri ndipo mphamvu zake sizikhala zofanana nthawi zonse. Wina amakhala wosakaniza ndi mankhwala ena olowa m'kati mwa mbewu, mlingo wake ndi wina. Lebulo ikapereka mlingo pa hekitala, muyambe mwadziwa kuti inuyo ndi kayendedwe kanu mumatha masipuleya angati pa munda wanu. Thirani madzi okha, popereni malo omwe mwayeza, muone apita angati. Anthu awiri sayenda liwiro limodzi.

Aphunzitsi_Linthipe
Nkhani ya a Nangozo yandisangalatsa chifukwa tsamba lija silinaname paliponse. Eni ake ndi odziwika, deti ndi labwino, ena akugwirizana nalo. Kungoti limalankhula ndi mlimi wa ku Kenya. Tikafunsa kuti walemba ndani, tizifunsanso kuti amalembera ndani. Ife vuto lathu n'loti za Malawi pa intaneti n'zochepa, ndiye ukafufuza m'Chingerezi Google amakupatsa za ku Kenya, India, South Africa. Kuwonjezera liwu loti `Malawi` kumathandiza, kapena `site:mw` kuti mutsekere pa maadiresi a kuno. Koma samalani, adiresi yothera ndi `.mw` munthu wamba akhoza kugula. Za boma zimathera ndi `.gov.mw`.

Dolo_wa_Chimbiya
Za boma zomwezo zimakhala ndi nkhani za makedzana. Ine ndinapezapo chikalata cha mitengo ya zipangizo zaulimi, chidindo chilipo, ndinapita nacho kusitolo ndikukangana ndi wogulitsa kuti akundibera. Anandiseka anthu. Chinali cha kwacha isanagwe.

MayiWaMapasa
Kkkk a Dolo, ndiye munkafuna mugule pa mtengo wa kale? Kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo yonse inasanduka. Ife a pamsika mtengo wa sabata yatha sitiuwerengera n'komwe.

Aphunzitsi_Linthipe
Pamenepo chikalata chinali choona, cha eni ake enieni, koma chinatha ntchito. Ukale wa nkhani umayezedwa ndi chomwe ukufunsa. Za tambula ya madzi zomwe bambo Mlangizi auza a Gama, ngakhale mutazipeza m'buku la zaka makumi atatu zapitazo zikugwirabe, mabakiteriya sanasinthe khalidwe. Mtengo umaola pa masabata. Lamulo limakhala pakatikati, limatha zaka lili chomwecho kenako tsiku limodzi lasintha, monga a Jere atisonyezera. Makalata a PDF ndiye ovuta kwambiri, Google nthawi zambiri saonetsa deti lake. Muzitsegula tsamba loyamba kapena lachiwiri muone chaka.

Dolo_wa_Chimbiya
Ndiye ntchito yonseyi pa funso limodzi? Bandulo yake iti? Bola kungofunsa wogulitsa.

KabazaLizulu
Wogulitsa angakuuzeni kuti katundu wake ndi woletsedwa? A Dolo inunso.

Nangozo_wa_Mayani
Si funso lililonse a Dolo. Zigoli za mpira ine sinditsimikiza. Koma apa panali makilogalamu 6 a anthu ndi mwana woyembekezera.

Msungichuma_Bembeke
Ndiye Loweruka ndikanena izi, mundikonze ngati ndalakwitsa. Nkhani ya kuletsa ndi ya mayiko a EU, ya 2020, ndipo kumeneko yakhala ikukokedwa m'makhoti. Siikunena za Malawi. Za kuno ndikafunsa Lachisanu ku ofesi ya zaulimi, ndipita ndi paketi imodzi aione lebulo. Amayi oyembekezera ndi ana asayandikire posungunula, ndipo tichotse ndalama pang'ono m'thumba la kalabu tigule magolovesi ndi zotseka pamphuno. Mlingo titsata wa papaketi.

MlangiziWopuma
Mwakhoza. Muonenso tsiku lothera mphamvu papaketipo, ndipo ufawo ukhale wosagwirana mibulu. Popera mame atauma, kopanda mphepo, ndipo mankhwala afike kunsi kwa masamba.

Jere_wa_Tsangano
Mukafunsa mudzatiuze ayankha chiyani. Ndipo muwafunse kuti iwowo azitenga kuti, asangokuuzani za m'mutu. Paja mwati aliyense tizimufunsa komwe wamva.

MlangiziWopuma
Afunseni ndithu, mlangizi wabwino sakwiya nazo.

KabazaLizulu
Koma abale, makatoni ndinanyamula aja ena malebulo ake ndi a Chipwitikizi, anachokera tsidya linalo la msewu. Mwini wake amathira mlingo wa pamutu. Pamenepo lebulo timaiwerenga bwanji?

MayiWaMapasa
Bwera nayo paketiyo mawa pabenchi panga. Pali mayi wa ku Ulongwe amagulitsa kabichi pafupi nane, atiwerengera.